Toileti ikayamba kuvina, yang'anani kumbuyo kwake

Mukhala pa toileti m'mawa, ndiye mumva ka "gwede" pansi panu. Mupendamila kumanzele, nayo ikutsatilani. Munyamuka, muguza madzi, ndipo pakapita mphindi zingapo muona kamzele ka madzi kachokela kumbuyo kwa toileti, kayenda pang'onopang'ono m'mizele ya matailosi. Ambili a ife timatenga mopu, timakolopa, timathila Jiki, basi nkhani yasila. Mawa kamzele kabwelanso. Mlendo akabwela timamuuza kuti, "Muzinkhala bwino, imavina ka iyo."

Kugwedezeka kuja ndi madzi aja ndi vuto limodzi. Toileti imayamba yagwedezeka, kudontha kumabwela pambuyo. Ndiye chifukwa chake munthu amene amata silikoni kapena simenti kuzungulila pansi amaona pouma sabata imodzi kapena ziwili chabe, kenaka fungo libwelela. Kuti vutoli lisile pafunika zinthu ziwili: toileti iime nji osasuntha, ndipo laba imene imatseka paipi ya zonyansa ikhale yamoyo. Mukachita chimodzi n'kusiya chinzake, mudzalipila kawili.

Mmene toileti yanu inakhalila

Mbale imene mumakhalapo, imene mapulamba amaitcha pani, ndi dothi lootcha lopakidwa galasi pamwamba. Ndi yolimba pa kunyamula munthu, koma siipindika ngakhale pang'ono. Ikapanikizidwa pamalo amodzi imang'aluka. Pansi imagwilidwa ndi masikuluwu, nthawi zambili awili, wina uku wina uku, amene amalowa m'mapulagi apulasitiki okhomedwa mu konkili. M'nyumba zambili zakale mulibe masikuluwu. Pani inangokhazikidwa pa simenti yaiwisi n'kuuma pomwepo.

Manje gwadani muyang'ane kumbuyo. Ngati mlomo wa pani uloza kukhoma ndipo paipi ituluka panja kudzela m'chipupa, muli ndi mtundu umene amautcha P. Ngati mlomo ukhotela pansi n'kulowa m'simenti, ndi mtundu wa S. Paipi ya zonyansa imakhala yapulasitiki, yaikulu mamilimita 110. Pakati pa mlomo wa pani ndi paipiyo pali kachidutswa koyela kapulasitiki kotchedwa konekita. Mbali imodzi ili ndi mphete ya laba imene imakumbatila mlomo wa pani, mbali ina ili ndi tumapiko twa laba tumene tumalowa m'paipi. Palibe guluu pamenepo. Chimene chimaletsa madzi kutuluka ndi kuthina kwa laba chabe.

Muziganizila laba ija pamene pani igwedezeka. Munthu aliyense akakhala, mlomo wa pani umakwela pang'ono n'kutsikanso, ndipo umatikita laba mbali imodzi. Pakapita miyezi laba imaphwatalala, imauma, kapena imapindikila mkati. Pamenepo madzi apeza njila. Fungo nalo lapeza njila, chifukwa madzi aja amakhala pansi m'pani amatsekeleza mpweya wa m'suweji kutsogolo chabe, pomwe konekita ili kuseli kwa madziwo. Ndiye ngati bafa yanu inunkha ngakhale mwaitsuka bwanji, ndipo mphemvu zituluka kumbuyo kwa toileti usiku, kayikilani laba.

Chenjezo kwa okonda kuphunzila pa YouTube: mavidiyo ambili ndi a ku America, kumene toileti imakhala pamwamba pa dzenje la pansi, yotsekedwa ndi mphete ya phula ndi mabawuti awili oimilila. Zambili za kuno sizinamangidwe motelo. Mukapita ku hadiweya kukafuna zimene munaona m'vidiyo musanayang'ane yanu, mudzabwela ndi katundu wosagwila nchito.

Madzi achokela kuti?

Musanagule kanthu, pezani kaye kumene madzi atulukila. Madzi onse amathela pansi pa toileti, chotelo kuona ponyowa sikukuuzani chilichonse. Mufunika nsanza youma, tishu kapena nyuzipepala yakale, baketi ndi tochi ya pa foni.

Pukutani paliponse: pansi, kumbuyo kwa pani, kunsi kwa tanki, ndi kapaipi kamene kabweletsa madzi m'tanki. Yalani tishu pansi kuzungulila, ina muikulunge pa konekita, ina muiike kunsi kwa tanki. Uzani a m'nyumba kuti apilile theka la ola. Musaguze madzi, ndipo pasakhale wosamba, chifukwa m'nyumba zambili shawa ndi toileti zili m'kachipinda kamodzi ndipo madzi osamba amakonda kubisala kumbuyo kwa pani.

Ngati tishu yanyowa musanaguze n'komwe, amene adontha ndi madzi oyela. Achokela pa kapaipi kolowetsa madzi, pa vavu yake, kapena pa mabawuti a kunsi kwa tanki. Imeneyo ndi nkhani ya washala kapena nati yomasuka, ndipo pani simufunika kuichotsa. Pali chinthu chimodzi choipa chimene chimanyowetsanso pansi popanda kuguza: pani yong'aluka kunsi. Muidziwa poona kuti madzi a m'pani atsika okha usiku ndipo pali kamzele kakuda ngati tsitsi pa dothi.

Ngati tishu ikali youma, tengani baketi ya madzi muthile mwamphamvu m'pani, osakhudza tanki. Ambili tinazolowela kale kuchita zimenezi madzi akapita ku mpopi. Madzi a m'baketi sadutsa m'tanki kapena m'paipi yotsitsa madzi. Amangopita m'pani n'kutuluka kumbuyo. Tishu ya pa konekita ikanyowa manje, mwamugwila wakuba. Ndi laba. Ngati mufuna umboni wakuti muonetse ba landilodi, sungunulani kautoto kofiila kophikila makeke m'baketimo. Madzi ofiila akaoneka pansi, palibe angakuuzeni kuti ndi ana amene amataya madzi posamba.

Baketi ikadutsa popanda kunyowetsa, guzani tanki. Pakanyowa apa, vuto lili pakati pa tanki ndi pani. Pa toileti imene tanki yake inakhala pamwamba penipeni pa pani, pali mphete yonenepa ya laba pakati pake. Pa ija ya tanki yapakhoma, pali kalaba kosongoka pamene paipi yotsitsa madzi ilowa kumbuyo kwa pani. Nazonso zimafa ndi kugwedezeka komweko, chifukwa tanki inamangidwa kukhoma pomwe pani iyenda yokha.

Yang'ananinso mmene madzi apitila. Ngati akwela m'pani mpaka pafupi ndi mlomo, kenaka n'kutsika mwaulesi uku alila kuti gudugudu, paipi yatsekeka kutsogolo kapena sepitiki yadzala, zimene zimachuluka m'nyengo ya mvula. Konekita inapangidwa kuti madzi azidutsa, osati kuti aziima n'kuikankha. Apa ngakhale mugule laba yatsopano, idzadonthabe mpaka mutatsegula njila.

Kamadzi kochepa kamene si kochepa

Mwina muti, "Ni tumanzi tung'ono chabe." Tiyeni tiwelenge. Nyumba ya anthu 6, aliyense aguza kasanu patsiku, ndiye kuti maulendo 30. Tinene kuti ulendo uliwonse patuluka supuni imodzi yaikulu, mamililita 15. Patsiku ndi mamililita 450, pafupifupi kabotolo ka madzi akumwa. Pamwezi ndi malita 13 ndi theka. Ndipo awa si madzi a pa mpopi. Adutsa m'zonyansa, ndipo mwana amene akwawa kapena ayenda opanda nsapato amawatenga n'kupita nawo ku khichini.

Anthu a mu Lusaka sitifunika kuuzidwa zambili. Kolela imene inayamba mu Okutobala 2017 inavuta maningi ku Chipata kompaundi ndi ku Kanyama. Inabwelanso kumapeto kwa 2023, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la Heroes linasanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegula. Matendawa amayenda pamene zonyansa za munthu zifika m'kamwa mwa wina kudzela m'manja, m'madzi kapena m'zakudya. Laba yakufa imabweletsa njila imeneyo m'nyumba mwanu momwe. Pokolopa gwilitsani nchito Jiki yosungunula m'madzi, mopu ya ku toileti ikhale ya ku toileti chabe, ndipo musasakanize Jiki ndi mankhwala ena otsukila pani, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wopweteka m'chifuwa.

Yambani ndi masikuluwu

Choyamba tsimikizani kuti chimene chigwedezeka ndi pani, osati chokhalila chapulasitiki chabe. Kwezani chokhalila, gwilani mlomo wa pani ndi manja awili, kankhani kumanja ndi kumanzele, kenaka kutsogolo ndi kumbuyo. Ikani tochi pansi muone mbali imene inyamuka.

Chotsani tuzisoti twapulasitiki tumene tubisa mitu ya masikuluwu. Tengani sikuludilaiva kapena sipanala yoyenela mutu wake, mumange ndi dzanja. Lamulo ndi ili: kota ya kuzungulila mbali imodzi, kota mbali inayo, kenaka yesani kugwedeza. Bwelezani mpaka pani italeka kusuntha, ndipo mulekele pomwepo. Musawonjezele "kakomaliza" kaja timakonda amuna. Phazi la pani likalila kuti "the", mwagula toileti yatsopano. Pansi pa mutu wa sikuluwu payenela kukhala kawashala kapulasitiki, kuti chitsulo chisakhudze dothi. Ngati palibe, ikanipo.

Sikuluwu idzakuuzani yokha za vuto. Ikamangika n'kulimba, mwapulumuka. Ikangozungulila osagwila, pulagi yatha kapena simenti yozungulila dzenje yafumbutuka ndi chinyezi. Mutu ukaduka kapena ukatuluka wofiila ndi dzimbili, ndiye kuti amene anamanga anafakapo sikuluwu yachitsulo wamba m'malo mwa ya bulasi kapena ya chitsulo chosachita dzimbili. Pa ziwili zomalizazi pani iyenela kuchoka kuti pabooledwe bwino.

Nthawi zina masikuluwu ali bwino koma pansi ndi posalingana: tailosi imodzi inakwela, pani n'kukhala ngati tebulo ya mwendo umodzi waufupi. Kumanga mwamphamvu apa ndiye kuipwanya. Masulani pang'ono, lowetsani tumphanje twapulasitiki yolimba m'mpata uja mpaka pani itakhazikika, mumange, kenaka dulani zotulukila kunja. Musafakepo katoni kapena thabwa, zimamwa madzi n'kuola. Zitsekelelo za mabotolo nazo zimachita dzimbili n'kuphwanyika.

Mukamaliza, bwelezani mayeso a baketi. Ngati munaigwila msanga, laba ikali ndi moyo ndipo pansi padzauma. Ngati padonthabe, laba inafa kale, ndipo kumanga masikuluwu sikungaiutse.

Nyumba imene inaikidwa matailosi

Tiyeni titenge chitsanzo chimene mapulamba amakumana nacho kawilikawili m'nyumba za lendi, kaya ku Matero, ku Chilenje kapena ku Mtendere. Ba landilodi afuna kukweza lendi, ndiye aika matailosi m'bafa. Woika matailosi achotsa pani, ayala matailosi ake, n'kubwezela pani pamwamba. Tailosi ndi simenti yake yomatila zakweza pansi ndi mamilimita mwina 15. Paipi ya m'khoma sinasunthe. Manje mlomo wa pani uli pamwamba kuposa pakati pa paipi, ndipo munthu uja angoukakamiza kulowa m'konekita yakale. Laba yapanikizika kumwamba, kunsi yatsala yomasuka, komwe ndi kumene madzi amadutsa. Masikuluwu abwezela akale omwewo, amene manje afupika: agwila m'tailosi chabe, safika bwino mu konkili. Pakapita miyezi yochepa pani iyamba kuvina, ndipo kunsi kwa konekita kuyamba kudontha.

Kukonza kwake kumayamba ndi tepi yopimila. Pimani kuchokela pansi kufika pakati pa mlomo wa pani, ndiponso kuchokela pansi kufika pakati pa paipi. Kusiyana kwa manambala awiliwo ndiko kukuuzani konekita yogula. Akalingana, mugula yowongoka. Akasiyana pang'ono ngati m'nyumba yathuyi, mugula yopotoka, imene mbali zake ziwili sizili pa mzele umodzi. Mumaizunguza mpaka igwilizane ndi pani. Palinso yopindika ngati chigongono, ya pani ya P imene paipi yake ili pansi kapena m'mbali, ndi ina yofewa yamakwinya. Yamakwinya imapulumutsa pamene zinthu zasemphana kwambili, koma ikalendewela zonyansa zimakhala m'makwinya, chotelo musaithamangile. Jambulani kumbuyo kwa toileti yanu, ndipo ngati mungathe nyamulani konekita yakale m'pulasitiki popita ku hadiweya. Gulaninso paketi ya masikuluwu a pani osachita dzimbili, aatali bwino, pamodzi ndi mapulagi ndi mawashala ake, mphete yatsopano ya kunsi kwa tanki, silikoni ya m'bafa, ndi magulovu.

Tsekani madzi pa vavu ya pambali pa toileti, kapena pa mita ngati vavu palibe. Guzani kuti tanki ikhale yopanda kanthu, otsala muwamwetse nsanza. Madzi a m'pani muwatunge ndi kachitini mpaka atathelatu. Masulani kapaipi kolowetsa madzi, masikuluwu a tanki kukhoma ndi manati a kunsi kwake, munyamule tanki muiike pa katoni. Dulani silikoni yakale ndi mpeni kuzungulila phazi, chotsani masikuluwu apansi. Manje khalani awili. Pani ya P imadonsedwa molunjika kutsogolo, uku muigwedeza pang'ono. Ya S imanyamulidwa m'mwamba. Musaipotoze mwamphamvu, mungang'ambe paipi ya m'khoma, ndipo imeneyo ndi nchito yogumula chipupa.

Pani ikachoka, kulungani nsanza m'pulasitiki mutseke paipi kuti fungo lisadzale m'nyumba. Ikhale yaikulu yakuti singagwele mkati, ndipo muuze mnzanu kuti akukumbutseni kuichotsa. Donsani konekita yakale. Palani zonse zomamatila mkati mwa mlomo wa paipi ndi pa mlomo wa pani mpaka pasalale, chifukwa laba yatsopano siigwila pa zokakala. Gonekani pani pa katoni muiunike ndi tochi kunsi konse. Mukapeza mng'alu, nchito yathela pomwepo, mugule ina. Pani yong'aluka imatha kupwanyika munthu ali pamwamba, ndipo zidutswa zake zimacheka ngati galasi. Palibe guluu wa m'shopu amene ayenela kukhulupilidwa pamenepo.

Chotsani nsanza ija, kankhani konekita yatsopano m'paipi mpaka tumapiko tonse tutalowa. Pakani sopo wamadzi wotsukila mbale pa laba ndi pa mlomo wa pani. Musapake gilizi, oilo ya galimoto kapena mafuta odzola, amaononga laba. Kankhani pani molunjika mpaka mlomo utalowa bwino. Isafune mphamvu ya anthu atatu; ikakana, zunguzani konekita. Ikani levulo pamwamba, kapena ngati mulibe, thilani madzi m'pani muone ngati akhala mofanana mbali zonse. Lowetsani pensulo m'mabowo a phazi mulembe pansi, mulembenso mzele kuzungulila phazi, kenaka muichotsenso pani.

Ngati zizindikilo zagwela pa mabowo akale ofumbutuka, atsukeni, muwadzaze ndi simenti yosakaniza ndi mchenga, muwasiye alimbe masiku angapo. Apa mufunika kukambilana ndi aneba za kumene banja lidzapita. Poboola, kachitsulo koboolela kafanane ndi kukula kwa pulagi, kamene kamalembedwa pa paketi, kawilikawili mamilimita 8 kapena 10. Pa tailosi boolani pang'onopang'ono makina asakumenya ngati hamala, apo ayi tailosi ing'aluka. Mukafika pa konkili ndiye mutsegule kumenya. Pansi pakhale pouma, chifukwa magetsi ndi madzi sizigwilizana. Pulagi ilowe mpaka mu konkili, osati kuthela m'tailosi.

Bwezelani pani pa mzele uja, ikani tumphanje ngati pali mpata, mumange masikuluwu kota ndi kota monga tinakambila. Khazikani tanki pa mphete yatsopano, manati ake nawo mumange mosinthana. Tsegulani madzi. Yalani tishu youma, thilani baketi, kenaka guzani kasanu kapena kupitilila uku muyang'ana ndi tochi. Wina wolemelako akhalepo, apendame uku ndi uku, muguzenso. Tishu ikakhala youma, ndipamene silikoni ilowa.

Silikoni ndi simenti zili ndi malo ake

Silikoni ndi yomalizila. Nchito yake ndi kuletsa madzi okolopela ndi osamba kulowa kunsi kwa phazi, ndi kuthandiza pani kuti isatelele. Pakani kamzele kopyapyala pamalo ouma, kutsogolo ndi m'mbali, musalaze ndi chala chonyowa ndi sopo. Mapulamba ambili amasiya kampata kumbuyo, makamaka pa pani ya S imene konekita yake ili kunsi, kuti tsiku lina laba ikadzafa madzi adzaoneke m'malo mobisala. Isiyeni iume maola 24 isananyowe.

Chimene chimaononga ndalama ndi kumata silikoni pa konekita imene idontha kale. Pamalo onyowa ndi onyansa siigwila, ndipo pani ikagwedezeka kamodzi imasupuka. Ena amakulunga mphila ya chubu cha njinga kapena mapulasitiki. Zimenezi zimachedwetsa madzi chabe, ndipo amatulukila pena.

Nanga simenti? Mwaonapo toileti zomangidwa chulu cha simenti kuzungulila phazi. Kugwedezeka kumaleka masiku oyamba, koma simenti siimamatila bwino pa dothi losalala, ndipo posachedwa pamabwela kampata kozungulila. Laba yakufa ija ikali momwemo, manje yakwililidwa. Tsiku lofuna kuisintha, pulamba afunika hamala ndi chizulo, ndipo nthawi zambili pani imapwanyika pochotsa. Kudzaza simenti yamphamvu m'mimba mwa phazi ndi koipa kuposa, chifukwa simenti ndi dothi sizifufuma mofanana, ndipo phazi limatha kung'aluka lokha.

Ngati yanu inakhazikidwa kale pa simenti ndipo ilibe masikuluwu, imeneyo musaiyambe nokha. Itanani pulamba, ndipo mugwilizane musanayambe kuti pani ikapwanyika adzagula ina ndani. Akaikhazikanso pa simenti, ikhale yofewelapo, muyeso umodzi wa simenti pa miyeso 4 ya mchenga, yoyalidwa kunsi kwa m'mphepete mwa phazi, ndipo pasakhale wokhalapo tsiku lonse kapena awili.

Inu a lendi, ndi inu okwela pamwamba

Pani ndi konekita ndi mbali ya nyumba, chotelo musangoyamba kuzula musanauze mwini wake. Jambulani vidiyo yaifupi: dzanja ligwedeza pani, baketi ya madzi ofiila ithilidwa, madzi atuluka kumbuyo. Tumizani pa WhatsApp kuti tsiku lidziwike. Ba landilodi akati, "Konzani chabe, tizachosako ku lenti," apempheni alembe zimenezo m'meseji, ndipo musunge malisiti. Akazengeleza, akumbutseni kuti konekita ndi paketi ya masikuluwu ndi zotchipa kutali poyelekeza ndi pani yatsopano ndi matailosi amene adzayamba kunyamuka chinyezi chikalowa kunsi. Ngati mukhala m'mafulati a pamwamba, onjezani kuti madziwo atsikila pa siling'i ya aneba.

Mukaitana pulamba, muoneni mmene ayambila. Wodziwa nchito amagwada, amayang'ana kumbuyo, amathila madzi, amapima. Amene angofika n'kunena kuti, "Gulani simenti kilo imodzi na silikoni, tizamata," muuzeni kuti mudzamuitana. Pempani kuti akuonetseni laba yakale imene wachotsa, ndipo musalipile zonse musanayese ndi tishu inu nomwe.

Pomaliza, nkhani imene timaopa kukamba m'nyumba. Pali abale amene anazolowela chimbudzi chokumba, ndipo akafika pa toileti ya madzi amakwela ndi mapazi pamlomo wa pani n'kunjuta. Ena amachita zimenezi dala pa toileti ya anthu ambili, poopa kukhala pamene pakhala ena. Pani inapangidwa kuti kulemela kutsike molunjika kudzela m'chokhalila. Munthu akakwela, kulemela konse kumayamba kwagwela mbali imodzi pa phazi limodzi, ndipo ndiko kumene kumazula mapulagi. Chimodzimodzi kuimililapo pofuna kusintha babu kapena kutsegula windo. Kambani nawo mwaulemu, ikani sopo ndi kabulashi pafupi kuti aliyense apukute asanakhale, ndipo babu muzisinthila pa mpando.

Kamodzi pamwezi, tsiku lotsuka bafa, gwilani pani ndi manja awili muigwedeze, mupititse tishu youma kunsi kwa konekita mutaguza madzi. Mukamva ka "gwede" koyamba, tengani sikuludilaiva tsiku lomwelo, laba isanayambe kutikitika.